Chaka chimodzi pa golosale yathu ya ku Chitakale

"Kodi kagolosale ka pa Chitakale kaja kakadalipo? Poti mabizinesi ang'onoang'ono ambiri satha n'chaka chomwe."

Kalipo ndithu achimwene, ndipo mwezi uno kakwanitsa chaka. Ndine mwini wake, ndiye ndati ndithokoze pompano.

Tinayamba ndi belo limodzi la shuga, makatoni awiri a sopo ndi chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 choyezera m'timabotolo. Zolakwa zinalipo. Mwezi wa Januwale, mvula ya kuno mukuidziwa, ndinasanja matumba a mchere ndi shuga pansi pasimenti popanda thabwa. Chinyontho chinalowa, shuga n'kuundana ngati mwala. Mayi wina wogulitsa mandasi sanandinyoze kumsika, anangobwera nayo paketi ija n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, ikani mapulanga pansipa, katundu asagundenso khoma." Mayi, zikomo. Mpaka lero ndimatero.

Ndikuthokozanso inu ogwira ntchito m'minda ya tiyi amene mumatenga katundu pa ngongole. Kope lija ndinkaliopa, abale anga ankati lindigwetsa. Koma malipiro akangotuluka ambiri mumabwera nokha, ena musanafike n'kunyumba komwe. Ochepa amene munasowa, bwerani tidzakambirane, sindiluma.

Anyamata a kabaza amene mumanditengera katundu kuchokera pa siteji, ngakhale kukuwomba chiperoni, Mulungu akudalitseni. Ndipo agogo amene mumandiuza mosabisa kuti buledi wagona, musasiye.

Loweruka likubwerali tidzaphika tiyi wamkaka m'mawa. Kapu mubwere nayo yanu, athu ndi anayi okha.