Kwa makolo a ana ophunzira kiyibodi: mphindi 15 tsiku lililonse, osati ola ndi theka Loweruka

Makolo olemekezeka, ndikulemba ngati mphunzitsi wa zoimba, ndipo pempho langa ndi limodzi. Mwana wanu azikhala pa kiyibodi mphindi 15 tsiku lililonse, masiku 6 pa sabata. Mukawerengera, zimenezi ndi mphindi 90, zofanana ndendende ndi ola ndi theka limene ambiri mumamupatsa Loweruka kapena Lamulungu masana ntchito zapakhomo zikatha. Nthawi ndi imodzimodzi, koma mwana woyeserera tsiku lililonse ndi woyeserera kamodzi pa sabata pakatha miyezi itatu saimba mofanana. Maganizo anga ndi akuti pulakatisi yaitali ya kamodzi pa sabata imawononga ndalama zanu za fizi, ndipo nthawi zina imawononganso zala za mwana, chifukwa imazizoloweretsa zolakwika.

Ndifotokoze ndi chinthu chimodzi chimene mwana aliyense amakumana nacho m'miyezi yoyambirira: kukwera do re mi fa so la ti do ndi dzanja lamanja mu kiyi ya C. Manotsi ndi 8, zala ndi 5. Timawerenga chala chachikulu kuti 1, chamkombaphala 2, chapakati 3, chotsatira 4, kachala komaliza 5. Mwana amaimba do re mi ndi zala 1, 2, 3, kenako chala chachikulu chimadutsa pansi pa zinzakezo n'kukagunda fa, ndipo so la ti do amamaliza ndi 2, 3, 4, 5. Vuto lonse lagona pamene chala chachikulu chikudutsapo. Dzanja palokha silifuna kutero. Limafuna kugunda fa ndi chala 4, so ndi chala 5, ndiye pofika pa la zala zatha, mwana amalumpha ndi dzanja lonse ndipo nyimbo imaduka. Ngakhale muli kukhitchini mukhoza kumva: do re mi fa so, kenako chete pang'ono, kenako la ti do mothamanga.

Tiyerekeze mwana wa zaka 9 waphunzitsidwa zimenezi Loweruka m'mawa, ndipo potuluka m'kalasi akuzitha bwinobwino. Akapanda kukhudza kiyibodi mpaka Lachisanu madzulo, mutu wake umakumbukira kuti panali nkhani ya chala chachikulu, koma dzanja laiwala pamene chimadutsira. Mphindi 20 zoyambirira zimathera kufufuza. Akapeza njira, kawirikawiri imakhala yosavuta ija ya chala 4, poti palibe womukonza. Ndiye amaibwereza maulendo 40 kapena 50, popeza mwamuuza kuti asachokepo mpaka ola likwane. Loweruka akafika kwa mphunzitsi amakhala ataphunziradi, koma waphunzira cholakwikacho. Zala sizisiyanitsa cholondola ndi cholakwika, zimangosunga chimene zabwereza kwambiri. Kuchotsa chizolowezi choterechi kumatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzitsa mwana amene sanakhudzepo kiyibodi, ndipo kalasi imene mwalipira imathera kukonza za sabata yatha.

Mwana yemweyo akakhala pa kiyibodi Lamulungu, tsiku limodzi lokha chiphunzirire, mawu a mphunzitsi amakhala adakali m'khutu. Amaimba manotsi anayi okha, do re mi fa, pang'onopang'ono, kasanu motsatizana osalakwitsa. Akalakwitsa kachitatu amayambiranso kuwerenga. Lolemba amaonjezera so. Lachiwiri amakwera mpaka do wapamwamba. Lachitatu amaphunzira kutsika, pamene chala chapakati chimadumpha pamwamba pa chachikulu kuchoka pa fa kupita pa mi. Lachinayi amayatsa kachipangizo kowerenga kugunda kamene kali pa makiyibodi ambiri, pa batani lolembedwa METRONOME, n'kuika TEMPO pa 60, kutanthauza kugunda kamodzi pa sekondi, notsi imodzi pa kugunda kulikonse. Lachisanu, ngati pa 60 zikuyenda mosadodoma, amakweza kufika pa 66. Palibe tsiku limene wachita chachikulu, koma Loweruka mphunzitsi amapitirira naye kutsogolo.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti gawo lina la kuphunzira limachitika mwana atachoka pa kiyibodi, makamaka ali mtulo. Mu 2002 ofufuza a ku yunivesite ya Harvard, motsogozedwa ndi Matthew Walker, anaphunzitsa anthu kugunda mabatani motsatira ndondomeko inayake ndi zala za dzanja limodzi. Amene anayesedwanso atagona usiku ankagunda mofulumira ndi pafupifupi 20 peresenti, osachulukitsa zolakwitsa, pamene amene anangodikira maola omwewo masana ali maso sanasinthe kwenikweni. Mwana woyeserera masiku 6 amagona ka 6 ubongo wake uli ndi chatsopano choti ukhazikitse. Wa Loweruka lokha amapeza usiku umodzi basi. Mbewu za pa nazale timazithirira pang'ono m'mawa uliwonse. Mukathira ndowa zonse za sabata tsiku limodzi, madzi ambiri amangoyenderera ndipo pofika Lachitatu nthaka yauma.

Ndikudziwa chifukwa chake pulakatisi yaitali imakukomerani. Imaoneka ngati ntchito yeniyeni. Mwana wakhala ola lathunthu, watopa, ndipo pomaliza akuimba bwino kuposa mmene anayambira. Kuyenda bwino kwa pamapetoko n'kosakhalitsa, chifukwa dzanja langotentha. Muyeso woona ndi uwu: mawa lake, ulendo woyamba weniweni, asanayeserere n'komwe, akuimba bwanji? Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 1978, wa Alan Baddeley ndi mnzake Longman, anaonetsa msampha umenewu bwino. Ogwira ntchito ku positi ankaphunzitsidwa kutaipa. Amene ankaphunzira ola limodzi pa tsiku anadziwa ntchitoyo m'maola ochepa kuposa amene ankaphunzira maola anayi pa tsiku, koma atafunsidwa, a ola limodziwo ndi amene sanakhutire ndi ndondomeko yawo. Choncho musadabwe mwana wanu kapena inuyo mukamaona ngati mphindi 15 n'zosakwanira.

Mphindi 15 zija zizigawidwa chonchi. Ziwiri zoyambirira n'zotenthetsera zala, do mpaka so ndi kubwerera, dzanja lililonse palokha. Zisanu ndi zitatu zotsatira n'za malo ovuta okha, amene mphunzitsi walemba m'kope kapena wazunguliza ndi pensulo. Apa ndi pamene ana ambiri amazembera. Amayamba nyimbo kuchokera pachiyambi, amafika pa malo ovuta, amalakwitsa, amabwereranso pachiyambi. Pakutha kwa sabata mzere woyamba auimba maulendo osawerengeka, malo ovutawo sanawagonjetse ngakhale kamodzi. Mukamva chiyambi cha nyimbo chikubwerezedwabwerezedwa, lowani mumufunse kuti, "Mwanawe, pamene pakukuvuta ndi pati? Tandionetsa pomwepo." Ayambire notsi imodzi m'mbuyo mwa malowo ndi kulekezera notsi imodzi patsogolo pake. Mphindi zisanu zomaliza aimbe nyimbo imene amaidziwa kale ndipo amaikonda, kaya ndi ya ku kwaya, kuti achokepo mtima uli pamalo.

Simufunika kudziwa nyimbo kuti muone ngati zinthu zikulakwika. Yang'anani mapewa: akakwera kulowera ku makutu, mwana watopa. Yang'anani mkono pamene pamavalidwa wotchi: ukagwa pansi pa makiyi, zala zimaphwathalala ndipo chala chachikulu chimasowa podutsira. Mverani liwiro: mwana wotopa amathamangitsa malo osavuta n'kudodoma pa ovuta. Zizindikiro zimenezi pa mwana wa ku pulayimale siziyembekezera kuti ola lithe, ndiye mu pulakatisi ya mphindi 90 gawo lalikulu amaimba thupi lili lolimba. Kwa ophunzira gitala nkhaniyi imaonekera pakhungu penipeni. Nsonga za zala zimalimba pang'onopang'ono zikamakhudza mawaya tsiku ndi tsiku, koma ola lathunthu pa mawaya achitsulo, zala zidakali zanthete, limatulutsa matuza, ndipo mwana amakhala masiku angapo osagwira gitala. Mwana akanena kuti mkono ukupweteka, aleke pomwepo ndipo mudziwitse mphunzitsi.

Za magetsi ndikuzimva, koma kuzima kwa magetsi kusalande tsiku. Makiyi amadinika ngakhale kiyibodi ili yozima. Mwana adine ndi zala zoyenera uku akutchula do re mi ndi pakamwa pake. Kutero kumanolanso khutu. Makiyibodi ang'onoang'ono ambiri amayendanso ndi mabatire. Ngati kiyibodi imene mwana amagwiritsa ntchito ndi ya ku tchalitchi, jambulani makiyi pa katoni: kiyi yoyera iliyonse ikhale masentimita pafupifupi 2.3 m'lifupi, kuti makiyi oyera 7 akwane masentimita 16 ndi pang'ono, ndipo yakudayo muijambule m'magulu a iwiri ndi itatu. Katoni siphunzitsa kulemera kwa kiyi kapena kamvekedwe, koma imasunga ndondomeko ya zala mpaka tsiku lopita ku tchalitchi.

Nthawi yake ikhale yodziwika, yomangirizidwa ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse, monga akangomaliza kudya pobwera ku sukulu, kapena asanasambe madzulo. Mukasiya kuti aimbe "akapeza mpata", mpatawo supezeka. Kiyibodi ikhale poonekera, yolumikiza kale, yongofundika nsalu chifukwa cha fumbi. Ikakhala m'katoni pamwamba pa kabati, kuitsitsa kokha kumatha mphindi zisanu ndi chidwi chomwe. Tsiku likaphonyeka, mawa lake musamulipiritse mphindi 30. Abwerere ku 15 zomwezo. Pulakatisi isasandukenso chilango cha mwana amene sanatsuke mbale.

Sindikunena kuti mphindi 15 n'zokwanira moyo wonse. Wa zaka 5 kapena 6 mumuyambitse ndi mphindi 5 mpaka 10. Wa ku sekondale amene akuimba ndi manja onse awiri, kapena akukonzekera kuimbira kwaya, amafunika mphindi 30 kapena kuposerapo, koma ngakhale iyeyo azidule pawiri, m'mawa ndi madzulo. Kalasi ya kamodzi pa sabata ndi pulakatisi ya kwaya zikhalebe mmene zilili, chifukwa ntchito yake ndi ina: kumeneko mwana amakonzedwa ndi kuphunzira kuimba pamodzi ndi anzake. Ndipo ngati Loweruka akufuna yekha kukhala pa kiyibodi maola awiri akusewera ndi nyimbo zake, musiyeni, bola masiku enawo sanadumphe.

Kumbuyo kwa kope lake jambulani mabokosi 6 a sabata ino. Tsiku lililonse akamaliza alembe m'bokosi malo amene anayeserera ndi nambala ya TEMPO imene anafikapo, inu musainire pambali. Kopelo abwere nalo ku kalasi Loweruka, kuti mphunzitsi aone tsiku limene zinayamba kuvuta ndi liwiro limene ayambirepo.