Msonkho wa pa intaneti: Zambia, Tanzania ndi Joni amamugwira pati wogulitsa wosaoneka?

Katundu wolowa pa Marka kuchokera ku Vila Nova da Fronteira ku Mozambiki amaoneka ndi maso. Wa MRA amafunsa mtengo, nalemba lisiti. Koma mphunzitsi wa ku Ngabu akalipira Netflix, kapena mwini malo ogona alendo pa Nchalo akalipira Facebook kuti malonda ake afikire anthu a ku Blantyre, palibe chodutsa pa geti. Wogulitsayo alibe ofesi kuno, alibe wantchito kapena nyumba yoti boma likagogodepo. Malamulo akale a msonkho wa phindu amafuna kuti kampani yakunja ikhale ndi malo okhazikika m'dziko isanadulidwe msonkhowo, ndiye awa amangodutsa.

Maiko otizungulira ayesa njira ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi VAT, msonkho umene wogula amalipira, wogulitsa n'kungotolera. Yachiwiri ndi msonkho wodula pa ndalama zonse zimene kampaniyo yapeza m'dzikomo, osayang'ana kuti phindu lake ndi lotani.

South Africa ndiyo inatsogola pa njira yoyambayo. Kuyambira mu 2014 makampani akunja ogulitsa zinthu za pa intaneti amalembetsa n'kumatolera VAT, ndipo mu 2019 malire anakwezedwa: amene malonda ake kumeneko sankafika marandi 1 miliyoni pa miyezi 12 sankakakamizidwa kulembetsa. Zambia inakhazikitsa malamulo ofanana nawo mu 2024, VAT yake ndi 16 peresenti, malire ndi 800,000 kwacha yawo pa chaka. Tanzania inagwira mbali zonse ziwiri mu 2022: VAT ya 18 peresenti, kuphatikizapo 2 peresenti pa ndalama zimene kampani yalandira kwa anthu wamba.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi uja amalipira ndalama yokwana K10,000 pamwezi. Akanakhala ku Chipata, bilu ikanakhala K11,600, ndipo K1,600 ikanapita ku boma la Zambia. Akanakhala ku Mbeya akanalipira K11,800; boma likanatenga K1,800, kenako kampaniyo n'kuperekanso K200 yakeyake. Taonani kusiyana kwake. Msonkho umene umatchuka m'manyuzipepala, woti "tawagwira akuluakulu aja", ndi wa K200. Ndalama yeniyeni ili mu VAT, ndipo ikuchoka m'thumba la mphunzitsi. Ngakhale K200 ija palibe choletsa kampani kuibisa mu mtengo wa chaka chamawa. Kenya inayamba ndi 1.5 peresenti mu 2021, n'kuuchotsa kumapeto kwa 2024 kuti iikepo wina wokwererapo.

Kodi ndiye VAT imeneyi ndi yoipa? Ine ndikuti ayi. Wogula bandulo ya foni kuno amalipira kale VAT, komanso kuyambira mu 2015 pali msonkho wa 10 peresenti pa data. Mnyamata wa pa Bangula wopanga pulogalamu yowerengera katundu wa m'golosale, akakula n'kulembetsa, adzayenera kuikapo VAT pa mtengo wake. Mnzake wa kutsidya kwa nyanja akamagulitsa chomwecho popanda msonkho, ndiye kuti lamulo lathu likupondereza mwana wa pakhomo.

Njira imene Malawi wakhala akudalira nthawi yaitali ndi yogwira wogula. Pali msonkho wa 15 peresenti pa ndalama zina zolipira anthu ndi makampani osakhala m'dziko muno, ndipo wolipirayo ndiye ayenera kudula asanatumize. Pa kampani ya shuga yokhala ndi owerengera chuma zimatheka. Pa mwini malo ogona uja ndi nkhani ina. Iye amalipira ndi khadi, ndipo makina a wogulitsa amatenga ndalama yonse. Ikapereŵera, malonda amaimitsidwa pompo. Ngati msonkhowo ukumukhudza, auchotsa m'thumba mwake, ndipo sukhalanso K15,000 pa K100,000. Kuti wogulitsa alandire K100,000 yathunthu, ndalama yonse iwerengedwa K117,647, msonkho n'kukhala K17,647. Msonkho wa mlendo wasanduka wa mwini mudzi. Anzathu a ku Mozambiki, amene anatsitsa VAT yawo, yotchedwa IVA, kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu 2023, nawonso akhala akudalira zakale: wogulitsa wakunja asankhe womuimira m'dzikomo, apo ayi bizinesi yogulayo idziwerengere yokha.

Koma chimene chimandichititsa kuganiza kwambiri ndi funso loti wogulayo ali kuti. M'chigwa cha Shire muno si funso lachibwana. Kampani siona nkhope, imangoona zizindikiro: adiresi imene munthu analemba, dziko la banki imene yalipira, nambala ya IP yosonyeza netiweki imene munthu waloŵera pa intaneti, ndi nambala ya foni, kaya ikuyamba ndi +265 kapena +258. South Africa imati pa zinthu zitatu, kukhala m'dzikomo, kulipira kudzera ku banki ya kumeneko, ndi kukhala ndi adiresi ya kumeneko, ziwiri zikakwana, VAT ndi yawo.

Tsopano tengani mayi wa kumalire kwa Nsanje amene ali ndi simukhadi ziwiri, ina ya kuno, ina ya Movitel chifukwa pamene amakhala ndi imene imagwira bwino. Ndalama zakunja zikusowa m'mabanki athu, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mchimwene wake wa ku Joni ndi amene anamutsegulira akaunti, nalemba adiresi ya komweko, nalipira ndi khadi yake. Mayiyu akuonera ali pa khonde ku Malawi, netiweki ikusonyeza Mozambiki, koma zizindikiro ziwiri zaloza ku South Africa, ndipo 15 peresenti yapita kumeneko. Kampaniyo sinabe kalikonse. Yatsata lamulo limene yapeza. Mukafuna kudziwa kumene msonkho wanu wapita, tsegulani lisiti imene amatumiza pa imelo: muone ngati pali mzere wa VAT, peresenti yake, ndi nambala ya msonkho ya dziko liti.

Ena amati, bwanji osangouza mabanki adule pamene khadi ikulipira kunja? N'zosavuta kunena. Banki imaona dzina la wolandira ndi ndalama, siona chogulidwa. Pa kampani imodzimodziyo wina wagula buku la pa foni, wina waitanitsa sipeya ya mpope wothirira imene idzalipirenso msonkho polowa. Wachiwiriyu adulidwa kawiri, ndipo kubweza ndalama kwa munthu wa ku Chapananga ndi ulendo wautali. Komanso wolipira ndi khadi ya ku Joni uja sakhudzidwa n'komwe.

Pa zonsezi ine ndingatengere Zambia. Kukhala ndi malire n'kwanzeru, chifukwa makampani ochepa aakulu ndiwo ali ndi pafupifupi msika wonse, ndipo kuthamangitsa wogulitsa wamng'ono kumangomupangitsa kutseka dziko lathu pa mndandanda wake. Tanzania inasankha kulembetsa aliyense popanda malire, koma msika wake ndi wa anthu oposa 60 miliyoni, ingathe kuuma khosi. Ife tilibe chingwe chomangira kampani yokana. Chimene chingaikope n'chakuti kulembetsa kukhale kwa pa intaneti, kopanda womuimira, ndipo zizindikiro za kumene wogula ali zifanane ndi zimene makina ake akugwiritsa kale ntchito ku Lusaka ndi ku Pretoria. Ndingawonjezerenso kuti msonkhowo ulipiridwe m'madola, popeza wogulitsayo alibe akaunti ya kwacha, ndipo ife madolawo tikuwafuna.