Chenjezo kwa inu okoka gacha usiku wonse

Ana inu, tamverani kuno. Ndatopa kuona mnyamata atakhala pakhonde, nkhope ikuwala ndi foni, ndalama ya fizi ikupita, iye n'kumati, "Amalume, kamodzi kokha, yayandikira." Yayandikira wakuuza ndani?

Dzina loti gacha linachokera ku Japan, ku timakina toponyamo ndalama, n'kupotokola, kachidole kakugwa mwamayere. Pafoni ndi zomwezo, kungoti amaika nyimbo ndi kuwala kuti mtima uthamange.

Titenge Genshin Impact, gemu yomwe inatuluka mu 2020. Kukoka kamodzi, komwe amati Wish, kumadya ma Primogem 160, ndalama za m'gemumo. Mwayi wopeza munthu wa m'gemu wa nyenyezi zisanu, wosowa kuposa onse, ndi 0.6 peresenti basi, ndipo eni ake analemba poyera m'gemumo pa tsamba la Details, pomwe inu simutsegula n'komwe. Tanthauzo lake ndi ili: anthu 100 atangoyamba kumene, aliyense akakoka ka 10, pafupifupi 94 amabwerako opanda wa nyenyezi zisanu. Akakoka ka 50, anthu 74 amakhalabe asanamupeze. Kukoka kwa 40 n'chimodzimodzi ndi koyamba kuja. Zoti mwalephera kambiri ndiye zikumverani chisoni, iwalani.

Inde, ilipo ija mumati pity. Osewera amene amawerengera anaona kuti mwayi umayamba kukwera cha pa kukoka kwa 74, ndipo pofika pa 90 nyenyezi zisanu zimatuluka ndithu. Koma apa m'pamene ambiri mumagwa chagada. Wotulukayo sikuti ndi uja ali pachithunzi, amene mwamusowera tulo. Ndi pafupifupi theka kwa theka. Mukaphonya amakupatsani wina amene simumamufuna, muyambirenso kuwerenga, ndipo wotsatirayo ndiye wotsimikizika. Choncho mtengo umene muyenera kuuika m'mutu ndi wa kukoka ka 180, ma Primogem 28,800. Phukusi lalikulu la madola pafupifupi 100 limapereka 8,080 bonasi yoyamba ikatha, ndiye atatu sakukwanira, mpaka mugule lachinayi. Tasinthani nokha madola amenewo kukhala makwacha, muone matumba a chimanga amene mwataya.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndalama imasintha dzina panjira. Dola isanduke Genesis Crystal, iyoyo isanduke Primogem, kenako Intertwined Fate. Pofika pamenepo mwana sakuonanso kuti ndi thukuta la mayi ake. Mu Januwale 2025 eni gemuyi anavomera kulipira madola 20 miliyoni ku America, bungwe la boma loteteza ogula la FTC litadandaula za kusokoneza kwa mitengo ndi mwayi komanso kugulitsa kwa ana.

Musanadine, onani History muwerenge kuti mwakoka kangati chipezereni nyenyezi zisanu. Ngati zomwe mwatolera posewera sizikufikitsani pa wotsimikizika, musakoke, sungani. Ndipo inu makolo, chotsani khadi lanu la kubanki pafoni ya mwanayo lero lomwe, muikepo pasiwedi yogulira imene iye sakuidziwa.