Inu othira madzi m'konkire akayezedwa kale, tamverani

Anyamata inu a pa ntchito yomanga, ndi inu mafolomani amene mumayang'ana kumbali, ndili nanu mawu. Pali khalidwe limene ndaliona kambirimbiri mpaka tsitsi langa layera, ndipo likundinyansabe. Konkire wafika, injiniya wamuyeza silampu, watapako wa makyubu, wapita kukalemba m'buku. Akangopotoloka, wina wagwira kale payipi, akuthira madzi kuti konkire aziyenda yekha, fosholo ipepuke. Kenako patatha masiku 28 pepala likubwera kuchokera ku labu lonena kuti zonse zili bwino, inu n'kumasekerera. Mukusekerera chiyani? Amene wapambana mayeso ndi konkire wa m'makyubu uja. Wa m'chipilala ndi wina, ndipo palibe anamuyeza.

Mwina simunauzidwe kuti mayeso awiriwa amafunsa mafunso osiyana. Silampu imafunsa kuti konkire wamuwisiyu ndi wofewa bwanji pakali pano. Kyubu imafunsa kuti akauma adzasenza katundu wolemera bwanji. Yankho la funso loyamba si yankho la lachiwiri ayi.

Chikombole cha silampu chilibe chivundikiro kapena pansi, n'chotalika mamilimita 300, kunsi n'chotambalala 200, kumwamba 100. Mumachinyowetsa m'kati, kuchiika pa chitsulo chosalala pamalo osapendekeka, n'kuchiponda zolimba kuti chisasunthe. Konkire amalowa m'magawo atatu, ndipo gawo lililonse mumalisinja ka 25 ndi ndodo yachitsulo yosalala ya mamilimita 16, yobulungira kunsonga. Osati ka 10 chifukwa dzuwa lakula, osatinso ndi chidutswa cha waya chomwe mwatola pansi. Mukasalaza pamwamba, mumakweza chikombolecho molunjika, modekha, kwa masekondi pafupifupi 5, osachipotoza. Ndiye mumachiimika pambali, kugoneka ndodo ija pamwamba pake, n'kuyeza kuti mulu wa konkire watsika mamilimita angati.

Koma musanathamangire tepi, yang'anani kaye mmene muluwo wakhalira. Ukatsika wonse pamodzi koma uli chiimire, imeneyo ndiyo silampu yeniyeni, yezani. Mbali imodzi ikagumuka n'kutsetsereka ina ili chilili, nambala imeneyo ndi yabodza, tapani wina mubwereze. Ikabwerezanso kugumuka, konkireyo sakugwirana, nthawi zambiri chifukwa mchenga kapena simenti yachepa poyerekeza ndi miyala. Ukaphwasuka n'kuyandama ngati phala, miyala kwina madzi a simenti kwina, funsani kuti madzi amenewo achokera kuti.

Nambalayo payokha siyabwino kapena yoipa. Imaweruzidwa ndi zimene injiniya analamula. Ngati anafuna 75 n'kulola kusiyana kwa 25, ndiye kuti kuyambira 50 mpaka 100 mulandire, koma 160 ayi. Pena konkire amapangidwa dala kukhala wofewa kwambiri ndi mankhwala ofewetsa, kuti alowe bwino pamene zitsulo zathithikana, ndipo ameneyo akhoza kufika 180 mphamvu zake osachepa. Apa ndi pamene ena amasokonekera, amati ngati uja anali wofewa ndipo anapambana, wathunso tingomufewetsa. Uja anafewetsedwa ndi mankhwala, wanuyo ndi payipi.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti m'kyubiki mita imodzi muli simenti makilogalamu 350 ndi madzi malita 175, ndiye kuti kulemera kwa madzi ndi theka la kulemera kwa simenti, 0.50. Mnyamata wathiramo ndowa imodzi ya malita 20. Madzi afika 195, ndipo 195 kugawa ndi 350 ndi pafupifupi 0.56. M'maso mwanu ndi kanthu kakang'ono. Komatu simenti imangomwa madzi amene ikufuna, otsalawo amakhala m'kati, n'kudzauma pambuyo pake n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Ndowa imodziyo ikhoza kudya mphamvu pafupifupi 5 pa 30 zimene zinkafunika, ndipo timabowoto ndi njira ya chinyezi yokafikira zitsulo kuti zichite dzimbiri.

Tsopano makyubu. Chikombole chofala ndi cha mamilimita 150 mbali zonse. Chipakidwe mafuta pang'ono, mabawuti amangidwe zolimba, konkire alowe m'magawo a mamilimita 50, lililonse losinjidwa bwino mpaka mpweya utuluke. Lembani tsiku ndi malo amene konkireyo wathiridwa. Avundikireni, akhale pamthunzi posagwedezeka, ndipo mawa lake muwachotse m'zikombole n'kuwamiza m'madzi ofunda madigiri pafupifupi 20 mpaka tsiku lophwanyidwa. Ndinapezapo makyubu ali padzuwa mlungu wathunthu, alonda akuwakhalira ngati mipando. Oterowo akalephera, mlandu umagwera konkire amene mwina analibe vuto.

Ku labu makina amafinya kyubu mpaka itasweka, n'kuonetsa mphamvu imene yaiswa. Nkhope ya kyubu ndi 150 kuchulukitsa ndi 150, ndiye 22,500 mm². Ikasweka pa 720 kN, amene ndi 720,000 N, mumagawa 720,000 ndi 22,500, yankho ndi 32 N/mm², ndiyo mphamvu ya konkireyo. Pa pepala la konkire pakalembedwa C25/30, nambala ya kyubu ndi yachiwiriyo, 30. Yoyambayo ndi ya mayeso a konkire woumbidwa ngati silinda, osati kyubu. Ndaonapo folomani akuvina ndi 27 poganiza kuti wadutsa 25, chikhalirecho sanafike pa 30.

Zotsatira za makyubu ophwanyidwa pa masiku 7 ndi chenjezo chabe. Pa simenti wamba konkire amakhala atafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake, choncho amene akulinga ku 30 aonetse 20 kapena kuposerapo. Akaonetsa 13, musamange china pamwamba pake n'kumati tidzaona pa 28.

Nanga makyubu atatu a konkire mmodzi, a masiku 28, akapereka 720, 700 ndi 520 kN? Ndiye kuti 32, 31 ndi 23. Wopupuluma awonkhetsa n'kugawa ndi 3, apeza 29 osakwana, n'kuyamba kukangana ndi wogulitsa konkire. Dekhani. Ana a mimba imodzi sangasiyane chotere popanda chifukwa, ndipo malamulo ambiri amakana zotsatira zimene zatalikirana kuposa 15 pa 100 aliwonse a avereji yake. Yang'anani sikelo, popeza labu yabwino imayeza kulemera kwa kyubu isanaiphwanye. Kyubu yosinjidwa bwino imalemera makilogalamu pafupifupi 8.1. Ngati yofookayo inali 7.7, yapepuka ndi 5 pa 100, ndipo umenewo ndi mpweya umene unatsala m'kati chifukwa wosinja anachita ulesi. Mpweya wa gawo limodzi pa 100 umachotsa mphamvu pafupifupi magawo 5 kapena 6, ndiye 23 ija yadzilongosola yokha. Funsaninso kaswekedwe kake. Yosweka bwino imang'aluka mbali zonse zinayi mofanana, n'kutsala yopyapyala pakati. Yong'ambika mbali imodzi ikuloza chikombole chopindika kapena kuikidwa mokhota m'makina.

Koma onse atatu akagwirizana pa 22, kulemera kwawo kuli bwino, musanamizire labu. Chotsatira n'kubowola chipilala chenichenicho ndi makina, kuchotsamo chibulumwa n'kukachiphwanya. Injiniya akaona kuti sichingasenze, muchilimbitsa kapena muchigwetsa pa ndalama zanu.

Ndipo pa kubowola kumeneko ndi pamene wa payipi uja amagwidwa, ngakhale makyubu ake anapambana, ming'alu ikayamba kuoneka eni nyumba n'kulamula kuti pabowoledwe. Choncho konkire akakuumirani, itanani injiniya. Akalola kuwonjezera kanthu, kayezedwe, kalembedwe, konkire asakanizidwenso, silampu ibwerezedwe, ndipo makyubu atapidwe pa konkire yemweyo amene akulowa m'chipilala.