Zidutswa sizidzilumikiza zokha

Lero ndapsa mtima ndipo ndilankhula. Amene akwiye akwiye.

M'mawa uno kwabwera bambo ena pashedi yanga pano pa Ngabu kudzatenga mafelemu awiri a mawindo, a masentimita 60 m'lifupi ndi 90 m'litali. Tinapangana K25,000 felemu imodzi, pamaso pa mkazi wawo. Afika, awazungulira, awagwedeza, aona kuti sakusuntha olo pang'ono. Kenako akuti, "Amisiri, ndalama zonsezi n'zachiyani? Si ndinakuonani ndi maso angawa mukutola zidutswa paja akumanga sitolo? Landirani K20,000 onse awiri."

Onse awiri! Masiku atatu ndili chiweramire pabenchi, kutentha kwa Okutobala kwa kuno kuchigwa kumene mukukudziwa, malata a shedi akuwotcha ngati chiwaya, munthu n'kubwera kudzandiuza kuti ndi zidutswa chabe.

Poyamba, sindinatole, ndinagula mulu wonse kwa kapitawo. Koma tingoyerekeza kuti ndinatoladi. Kodi munaonapo zidutswa zitadzuka pamulu n'kudzilumikiza zokha kukhala windo? Ngati zimatero, bwanji simunapite kukatola nokha n'kukaziika pakhoma?

Anthu inu mukuganiza kuti ntchito ya zidutswa ndi yopepuka. Ndi yolemetsa kuposa ya thabwa latsopano. Thabwa logula kwa ogulitsa matabwa umangoyeza, kudula, kupala. Chidutswa chochokera pomanga nyumba chimabwera ndi simenti yomatirira ndi misomali yothyokera m'kati. Uyambe wapala simentiyo, uzule misomali umodziumodzi. Umodzi wokha ukakubisalira, mpeni wa puleni wabenthuka, ndiye ukhale pansi ndi mwala kunola mpaka chibenthucho chithe. Pamafelemu awiriwa ndanola kanayi. Nthawi imeneyo alipire ndani?

Ndiye pali kusankha. Mumulu umodzi mumakhala paini, bulugamu, malaina, zonse pamodzi, zina zouma zina zaziwisi. Sungangotenga chilichonse. Thabwa laliwisi limalemera, limazizirira ukaligwira, ndipo sowo imamata ukamadula, utuchi wake n'kumaumbika m'manja. Ukaliika pafelemu, dzuwa la kuno silichita nalo manyazi: pakangotha milungu ingapo lafota, lapindika, pakona patseguka mpata wolowa chala, windo lakana kutsekeka. Ukasakaniza bulugamu ndi paini pafelemu imodzi, zimafota mosiyana n'kumakokana. Ndiye pamulu wonse uja ndinapezamo zidutswa khumi zokha za paini wouma zotalika mokwanira, zisanu felemu iliyonse: ziwiri zoimirira, ziwiri zopingasa, chimodzi chapakati. Zidutswa za felemu sizilumikizidwa pakati kuti zitalike, iyayi. Chikaperewera ndi chala chimodzi, chapita kumulu wa timipando.

Bambo aja zonsezi sakuziona. Akuona zidutswa.

Ine ndilibe makina, ndilibe magetsi pashedi. Ndili ndi sowo, puleni, tchizulo ziwiri, hamala, sikweya ndi tepi. Chidutswa chilichonse ndachipala mbali zonse zinayi ndi manja mpaka zonse zifanane kunenepa. Polumikiza sindikhoma misomali basi. Ndimaboola bowo la makona anayi ndi tchizulo, mbali inayo n'kusema lilime loti lilowe m'bowomo. Lilimelo likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa thabwa. Likachepa limathyoka, likanenepa kwambiri makoma a bowo amang'ambika. Felemu imodzi ili ndi mabowo 6, awiriwa 12, ndipo lililonse lilowe mothina, lochita kugogoda, osati logwedera. Ndapaka guluu, ndamanga ndi mphira ya chubu cha njinga chifukwa zopanira za chitsulo ndilibe, ndayeza ndi tepi kuchoka kona ina kufika kona ya mopingasa, uku ndi uku, mpaka miyezo iwiriyo ifanane. Ikasiyana ndiye kuti felemu yapendama ndipo galasi silidzalowa. Kumbuyo kumene kudzakhudze njerwa ndapaka oilo wakuda wa injini, chifukwa paini kuno ndi ndiwo ya chiswe.

Zimenezo ndiye K25,000. Mukulipira manja, msana ndi maso anga. Mukulipira zaka zimene ndinakhala ndikuphunzira kuti lilime lilowe bwino m'bowo. Thabwa ndi kachigawo kochepa.

Nditawauza kuti sizitheka, akuti, "Kumsika ziliko zotchipa, zowala bwino." Pitani mukagule, bambo. Ndikuzidziwa. Thabwa laliwisi, misomali iwiri pakona, mipata atatseka ndi utuchi wosakaniza guluu, pamwamba vanishi waliwali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukafika nayo kumeneko igwireni makona awiri muipotoze, muone mmene ikuvinira. Yang'anani pakona ngati pali lilime kapena mitu ya misomali yokha. Ndipo ndikudziwa kuti mvula ikangoyamba mudzabwera nayo kwa ine ndemwe kuti, "Achimwene, tangoikonzaniko pang'ono." Walira mvula walira matope.

Inde ndalama zavuta, zinthu zakwera, tonse tikudziwa. Guluu ndi sandipepa nazonso sizinandidikire ine.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti anthu omwewa akapita ku Blantyre, m'sitolo zamagalasi zija, sanenerera. Aona mtengo papepala, atulutsa ndalama mwakachetechete, alipiranso galimoto yotsitsa katunduyo mapiri a Chikwawa mpaka kudutsa pa Thabwa, osadandaula. Koma mmisiri wa pakwawo, amene amamuona tsiku lililonse ali mbuu ndi utuchi, ameneyo ndiye wofinya. Chifukwa chakuti mukudziwa kumene ndinatenga thabwa, basi ntchito yanga yasanduka yaulere? Mayi wophika zitumbuwa mumamuuza kuti nthochi anathyola kuseri kwa nyumba ndiye akupatseni ulere?

Si ine ndekha. Mnzanga wina pa Nchalo amakhoma mbaula ndi zidebe kuchokera ku migolo yakutha ndi zotsala za malata. Amadula ndi tchizulo ndi hamala, amapinda m'mphepete pachidutswa cha njanji kuti musadzicheke, zala zake zonse zipsera zokhazokha. Naye nyimbo ndi yomweyo: "Si chimgolo chotaya ichi?" Chotaya, eya. Tengani mgolowo mukaphikirepo nsima mmene ulilimo tione.

Madzi atasefukira nthawi ya Freddy mu 2023, ndani anakukonzerani zitseko zofufuma ndi mipando yomasuka miyendo? Sitolo za m'tauni zinatsika kuno? Ndife tomwe a zidutswa, ena mpaka pangongole. Lero mwaiwala.

Ndipo poti ndatchula ngongole, inu amene munatenga timipando ndi matebulo kwa ine n'kunena kuti mudzalipira mukagulitsa thonje, thonje munagulitsa kalekale. Ndimakuonani mukudutsa panjinga mutayang'ana kumbali ngati shedi yanga ndi manda. Mayina anu ali m'kope, anthu 7. Wina mpando wanga anakhalira pa ukwati wa mwana wake, zithunzi tinaziona.

Mafelemu aja ali pompano, ndawatsamiritsa kukhoma. K25,000 imodzi, sindichotsa olo K100.