Sigma uja ingomutambasulani kaye

Dzulo mwana wa achemwali anga wa Fomu 4 uja anandipeza pakhonde kuno ku Senga Bay atanyamula kope, akuti malume chilembo chokhala ngati M wogona chammbalichi chikundizunguza mutu. Ineyo maganizo anga ndi akuti ana timawathamangitsira ku mafomula asanadziwe n'komwe kuwerenga chizindikirocho, n'chifukwa chake amangoti akachiona thukuta kamukamu.

Σ ndi S wamkulu wa Chigiriki, dzina lake sigma, katswiri wa masamu Euler ndi amene anayamba kumugwiritsa ntchito chonchi mu 1755, ndipo zomwe amanena n'zoti phatikiza basi. Funso la mwanayo linali ili:

```
 7
 Σ (2k + 1)
k=3
```

Pansipo akukuuza poyambira, k ayambe ndi 3. Pamwambapo ndi pothera, 7. Zakumanjazo ndi chigayo, umathiramo k mmodzimmodzi n'kuona chomwe chatuluka. Ukathira 3, 2 kutaimusa 3 kuphatikiza 1 ikukupatsa 7, ukathira 4 ikutuluka 9, kenako 11, 13, mpaka k atafika pa 7 pomwe ikutuluka 15, pamenepo ima. Ndiye chilombo chija changosanduka

```
7 + 9 + 11 + 13 + 15 = 55
```

samu ya ku pulayimale yeniyeni.

Koma pomwe anagwera mphwangayo mpamene pandichititsa kulemba izi. Iye anati manambala ophatikiza alipo 4 poti 7 kuchotsa 3 ndi 4, moti anasiya 15 n'kupeza 40. Ndinamufunsa kuti iwe, mayi ako akagulitsa usipa kuyambira pa 3 mpaka pa 7 mwezi uno, agulitsa masiku angati? Anawerenga zala, pa 3, pa 4, pa 5, pa 6, pa 7, n'kuseka yekha, asanu. Tsiku loyambalo nalonso ndi tsiku, ndiye ukachotsera ya pansi ku ya pamwamba uziwonjezera 1. Ukatambasula n'kupeza manambala osakwana 5 apa, dziwa kuti wadumpha ina.

China ndi mabulaketi, awa anthu amawaderera. Atachotsedwa, 1 uja watuluka m'chigayo, umaphatikiza 6 + 8 + 10 + 12 + 14 kupeza 50 kenako n'kuwonjezera 1 kamodzi kokha, ansala 51 osati 55. Pokopera pa bolodi mwana akangoiwala mabulaketi funso lasintha kale.

Ndisanamulole kupita ndinamutchera kamsampha, ndinafufuta (2k + 1) n'kulembapo 4 yekha, k osaonekamo. Anayang'ana kopelo nthawi yaitali akuti malume apa ndithira k pati? Ndinati palibe pothira, koma k akuyendabe ulendo wake kuchoka pa 3 kukafika pa 7 ndipo paliponse pomwe waponda chigayo chikutulutsa 4 yemweyo. Analemba 4 + 4 + 4 + 4 + 4, n'kuika 20, kenako akuti ndimugulire chipisi.