Inu eni makampani okumba mijigo, lekani kudzilembera nokha umboni wa makasitomala

Ana anga, ndilankhule nanu ngati kholo chifukwa zomwe ndikuona pa mawebusaiti anu zikundiwawa mumtima. Ine ndakalambira mu ntchito ya mijigo, kuyambira nthawi yomwe kasitomala ankakupeza chifukwa amfumu a mudzi wina anena kuti "pitani kwa awo, wathu uja mpaka lero ukutulutsa madzi". Umboni unali umenewo, munthu ankatha kukwera njinga kukauona mjigowo, kupopa yekha, kulawa madziwo. Lero mwatsegula tsamba la kampani, mwaika kamutu koti zonena makasitomala athu, kenako mwakhala pansi usiku umodzi ndi mlamu wanu nkulemba nokha maumboni teni. Ayi ndithu, zimenezo ndi chibwana ndipo ndi kuba.

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga yemwe ali ku Joni ananditumizira linki ya kampani ina, sinditchula dzina, akuti malume ndioneleni awa ndikufuna ndiwapatse dipoziti akakumbe kumudzi kwa amayi. Nditatsegula ndinapeza maumboni 8, onse nyenyezi 5, onse akuti ntchito yabwino, anthu aulemu, mitengo yabwino. Palibe amene watchula mudzi kapena boma, palibe deti, palibe amene wanena kuti anakumba mamita angati, ndipo atatu mwa iwo analakwitsa kalembedwe ka mawu amodzimodzi pamalo amodzimodzi, kusonyeza kuti dzanja linali limodzi. Mdzukulu wanga anatenga chithunzi cha mayi wina womwetulira yemwe anali pamwamba penipeni nkuchiponya mu Google Lens, mayi yemweyo anatulukira pa masamba ena akunja akutsatsa zinthu zosakhudzana ndi madzi nkomwe. Sizinatitengere mphindi zisanu. Mwina kampaniyo imakumba bwino, koma ndalama ya mwana uja inapita kwa ena, ndipo eni akewo mpaka pano sakudziwa kuti ntchito inawadutsa pakhomo.

Muziganiza amene akuwerenga tsamba lanu ndi ndani. Ambiri ndi ana athu ali ku Joni, ku UK, kapena mtauni muno, asunga ndalama miyezi yambiri kuti amayi awo asiye kudzuka 4 koloko kupita kudambo, ndipo sangabwere kudzaona makina anu ndi maso. Maso awo ndi umboni umene mwaikawo. Mukaunamiza mwamutseka munthu m'maso kenako nkumupisa m'thumba.

Ndiye pali ena mwa inu amene mumati ife sitipeka, athu ndi makasitomala enieni. Chabwino, koma umboniwo mumautenga liti? Apa mpamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mumautenga tsiku lomwe madzi atumphuka, kompuresa ikulira, matope akuuluka, amayi akululutira, ana akuvina, inu foni m'manja "bwana tanenani mawu pang'ono". Tsiku limenelo aliyense amayamikira, ngakhale mjigo utakhala woti ufa mawa. Aliyense wa ntchito ino akudziwa kuti mjigo wokumba mu Malichi kapena Epulo, mvula itangosiya kumene, umaoneka wamadzi ambiri chifukwa madzi apansi amakhala ali pamwamba. Mayeso ake enieni ndi Okutobala ndi Novembala, dzuwa litaswa mtengo, madzi atatsika. Ngati munaimira pa mamita ochepa kuti musunge dizilo, ngati munaika mapaipi opyapyala, ngati timiyala tozungulira mapaipi munathira mwa dzina chabe, nthawi imeneyo ndi pomwe pampu imayamba kukoka mphepo kapena kutulutsa mchenga. Ndiye vidiyo ya mu Epulo ija ikadali pa tsamba lanu ikuvinabe pomwe mudzi uja unabwerera kudambo kalekale. Mawu ake ndi oona pa tsiku lomwe ananenedwa, koma kuwasiya pamenepo inu mukudziwa kuti mjigo unauma ndi bodza basi.

Chitani chonchi. Funsani kawiri. Koyamba patatha sabata ziwiri, za mmene anyamata anu anagwirira ntchito, ngati anafika tsiku lomwe munalonjeza, ngati mtengo unasintha pakati panjira. Kachiwiri chilimwe chikadutsa, ndipo apa musafunse kuti "mwasangalala?" chifukwa Mmalawi ndi waulemu, ayankha kuti eya zikomo ngakhale ali ndi madandaulo odzadza dengu. Funsani zinthu zoti ayankhe ndi zomwe waona: madzi anasiyapo kutuluka mwezi uti, chigubu cha malita 20 chikudzadza mphindi zingati, madzi ali ndi mchere kapena fungo la dzimbiri, chinawonongekapo chiyani ndipo titaimbiridwa tinabwera patatha masiku angati. Zomwe ayankhezo ndiye umboni. Munthu akanena kuti "anakumba mamita 48 kwathu ku Dowa mu Meyi, mu Novembala madzi anachepa masana koma sanaume, ndodo ya pampu itaduka anabwera patatha masiku anayi", wowerenga amamva kuti uyu ndi munthu weniweni, ndipo mawu amenewo amagulitsa kuposa "ntchito yapamwamba" khumi.

Ndipo muzifunsa onse, osati okhawo amene mukudziwa kuti akusekererani. Tiyerekeze chaka chino mwakumba mijigo 20 ndipo onse ayankha. Anthu 12 akupatsani nyenyezi 5, anthu 5 akupatsani 4, awiri akupatsani 3, mmodzi yemwe munamukumbira dzenje louma wakupatsani 1. Mukaphatikiza ndi 87, kugawa ndi 20 ikubwera 4.35. Tsono inu mumachotsa atatu apansiwo, kutsala 80 kugawa ndi 17, nkulemba 4.7 ndi zilembo zikuluzikulu. Mwapindula chiyani? Kanambala kakang'ono komweko, koma mwataya chinthu chomwe munthu wanzeru amafuna kuona, choti zinthu zikavuta kampani iyi imatani. Palibe wokumba mijigo yemwe sanakumanepo ndi dzenje louma, ngakhale mutayeza malo ndi makina, ndipo kumadera ena a Chikwawa ndi Nsanje mutha kupeza madzi ambiri koma amchere osamweka. Munthu wodziwa akaona tsamba lopanda dandaulo ngakhale limodzi amadziwiratu kuti pasesedwa. Lembani poyera kuti 4.35 kuchokera kwa anthu 20 mwa 20 omwe tinawafunsa chaka chakuti, ndipo wa nyenyezi imodzi uja musiyeni pomwepo, pansi pake muyankhe mwaulemu kuti zoona, tinakumba mamita akuti osapeza madzi, mgwirizano wathu unkanena zakuti pa dzenje louma, tinachita zakuti. Osamutukwana, osamuululira ngongole zake pagulu.

Za kugula umboni nazo ndinenepo. Kumuuza kasitomala kuti mukatilembera zabwino tikuchotserani pa balansi, kapena tikutumizirani mayunitsi, kumeneko ndi kugula mboni, ndipo kubwalo la amfumu mboni yogulidwa mukudziwa mmene imaonedwera. Malamulo a Google amaletsa kupereka kanthu posinthana ndi ndemanga, amaletsanso kusankha okhawo osangalala kuti ndiwo alembe, ndipo akazindikira amatha kufufuta ndemangazo. Zotuma antchito anu, akazi anu ndi azisuweni kuti alembe ngati makasitomala ndi zomwezo. Ngati mchimwene wanu munamukumbiradi mjigo alembe, koma anene kuti ndi mchimwene wanu.

China chomwe chimandikwiyitsa kwambiri ndi masikilinishoti a WhatsApp. Munthu wakulemberani mwachinsinsi kuthokoza, inu mwajambula meseji yonse, nambala yake ya foni ikuoneka, chithunzi chake chikuoneka, pamwamba pake pali meseji yomwe amapempha kuti balansi amaliza kumapeto kwa mwezi, mwaiponya pa tsamba osamufunsa. Ena mpaka mumaika chithunzi cha nyumba yake, thanki, mapanelo a sola ndi geti, ndi dzina la dera. Mwawauza akuba kuti pakhomo apa pali pampu ya sola komanso mwini wake ali kunja. Pemphani kaye. Mutumizireni mawu enieniwo mmene muwaikire, mumufunse ngati akufuna dzina lonse, dzina loyamba lokha kapena boma lokha, ngati akulola chithunzi, ndipo yankho lake lolembedwa kapena la voisi mulisunge limodzi ndi invoisi ya ntchitoyo, kuti wina akadzati umboni uwu ngopeka mudzatulutse pepala. Akadzasintha maganizo nkuti chotsani, chotsani tsiku lomwelo. Mukafuna kufupikitsa mawu ake fupikitsani koma osadula "koma" wake. Munthu akati "anakumba bwino koma anachedwa ndi sabata zitatu" inu nkusiya "anakumba bwino" yekha, mwamuika mawu mkamwa. Akalankhula Chichewa kapena Chitumbuka inu nkumasulira mu Chingerezi, ikani zonse ziwiri, asamveke ngati loya munthu yemwe analankhula ngati mlimi.

Musaganize kuti izi ndi nkhani za ulemu chabe. Dziko lino lili ndi bungwe la CFTC lomwe limalandira madandaulo a ogula pa malonda onamiza anthu, ndipo lamulo lake linakonzedwanso mu 2024. Chaka chomwecho kunabweranso lamulo loteteza zinsinsi za anthu lomwe akuyang'anira ndi a MACRA, ndipo nambala ya foni ndi chithunzi cha munthu zili mmenemo. Ku America bungwe la FTC linaletsa ndemanga zabodza ndi lamulo lapadera mu 2024, ku UK nako zinaletsedwa kuyambira Epulo 2025, kutanthauza kuti ana athu omwe ali kumeneko, omwenso ndi makasitomala anu, maso awo anatseguka kale pa nkhani imeneyi.

Kwa inu amene mwangoyamba kumene ndikudziwa chomwe chimakukankhani, tsamba lopanda umboni limaoneka ngati sitolo yopanda katundu. Koma ngati mwakumba mijigo itatu, ikani itatuyo, deti lake, boma lake, kuya kwake, mtundu wa pampu kaya ndi Afridev kaya ya sola, ndipo mupemphe mmodzi mwa eni akewo kapena wapampando wa komiti ya mjigo ngati angalole kuti wofuna ntchito azimuimbira, nambala muzipereka kwa wofunsayo payekha osati kuimata pa tsamba. Mwana wa mchemwali wanga uja anasankha kampani yomwe inali ndi maumboni anayi okha, umodzi wodandaula za kuchedwa. Anaimbira mayi wina wa komiti, anacheza naye mphindi khumi, mayiyo anamuuza kuti anachedwadi koma madzi chilimwe chathachi sanaume, ndipo dipoziti inatumizidwa madzulo omwewo.